Makina a Mealy ndi makina a Moore: njira ziwiri zotulutsira yankho

Mkati mwa foni, kompyuta ndi zipangizo zina zamagetsi muli timakina timene timawerenga chizindikiro chimodzi, n'kutulutsa chizindikiro chimodzi, kenaka n'kudikira chotsatira. Makina otere sasunga zonse zimene awerenga. Chimene amakumbukira ndi mkhalidwe umene alimo pa nthawiyo, ndipo mikhalidwe yake ndi yowerengeka, yodziwika kale asanayambe ntchito. Pa sitepe iliyonse, chizindikiro cholowa pamodzi ndi mkhalidwe wa nthawiyo ndi zimene zimalamula mkhalidwe wotsatira. Powajambula papepala, mkhalidwe uliwonse umakhala kabwalo, ndipo mivi imasonyeza kumene makinawo amasamukira akawerenga chizindikiro chakutichakuti.

Funso limene limagawa makinawa pawiri ndi lakuti chizindikiro chotuluka chilembedwe pati. George H. Mealy, amene ankagwira ntchito ku Bell Labs m'dziko la Amereka, anafalitsa njira yake mu 1955. M'njira imeneyi chotuluka chimadalira zinthu ziwiri, mkhalidwe ndi chizindikiro chimene changolowa, choncho chimalembedwa pamuvi. Edward F. Moore anafalitsa yake mu 1956, ndipo m'njira yake chotuluka chimadalira mkhalidwe wokha, choncho chimalembedwa m'kabwalo. Makina a Moore akafika mu mkhalidwe wina, amatulutsa chizindikiro cha mkhalidwewo posatengera njira imene adzera.

Kusiyanaku kumaoneka bwino pa makina ophatikiza nambala ziwiri. Mwana wasukulu akamaphatikiza 47 ndi 35 amayambira kumanja: 7 ndi 5 ndi 12, alemba 2, asunga 1. Akafika pa mzere wachiwiri safunikanso kukumbukira 7 kapena 5. Chimene ayenera kukumbukira n'chakuti wasunga 1. Makina nawo amachita chimodzimodzi, kungoti amagwiritsa ntchito zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, zimene zimatchedwa mabiti. M'kalembedwe kameneka malo a nambala, kuyambira kumanja, amaimira 1, 2, 4, 8 ndi kupitirira, motero 7 amalembedwa 0111 ndipo 6 amalembedwa 0110. Kuphatikiza 1 ndi 1 kumapereka 2, amene amalembedwa 10: makina alemba 0, asunga 1. Kuphatikiza 1, 1 ndi 1 wosungidwa kumapereka 3, amene amalembedwa 11: alemba 1, asunganso 1.

Pa sitepe iliyonse mumalowa mabiti awiri, imodzi kuchokera ku nambala iliyonse. Makina a Mealy amangofuna mikhalidwe iwiri: A, kutanthauza kuti palibe chosungidwa, ndi B, kutanthauza kuti pasungidwa 1. M'tebulo ili, chilembo chikusonyeza mkhalidwe wotsatira ndipo nambala ya pambuyo pake ndi chotuluka.

```
     00    01    10    11
A    A/0   A/1   A/1   B/0
B    A/1   B/0   B/0   B/1
```

Pophatikiza 7 ndi 6, kuyambira kumanja, zolowa zimabwera motere: 10, 11, 11, 00. Makina amayambira mu A. Akawerenga 10 amatulutsa 1 n'kukhalabe mu A. Akawerenga 11 amatulutsa 0 n'kusamukira mu B, chifukwa tsopano asunga 1. Pa 11 wachiwiri amatulutsa 1 ndipo sachoka mu B. Pomaliza, 00 pamodzi ndi 1 wosungidwa uja zimapereka 1, makina n'kubwerera mu A. Zotuluka ndi 1, 0, 1, 1, ndipo popeza choyamba kutuluka ndi cha kumanja, nambalayo ndi 1101, imene ndi 8 ndi 4 ndi 1, kapena kuti 13.

Tebulo lomweli likuonetsa chifukwa chake makinawa sangakhale a Moore monga mmene alili. Mu A mukulowa mivi ina yonyamula 0 ndi ina yonyamula 1, ndipo mu B zilinso chomwecho. Kabwalo ka Moore kamaloledwa chizindikiro chimodzi chokha. Njira yake ndi kugawa mkhalidwe uliwonse molingana ndi zotuluka zimene zili pa mivi yolowamo. A amasanduka A0 ndi A1, B amasanduka B0 ndi B1. Dzina lakuti A1 likunena zinthu ziwiri nthawi imodzi: palibe chosungidwa, ndipo chotuluka ndi 1. Muvi umene unkapita ku A utanyamula 1 tsopano umapita ku A1 wopanda katundu, pakuti katunduyo walowa m'kabwalo.

Chimene ophunzira ambiri amaiwala ndi mivi yotuluka. A0 ndi A1 akusiyana pa chimene akutulutsa, koma kutsogolo kwawo ndi kumodzi, chifukwa onse awiri sanasunge kanthu. Choncho aliyense ayenera kulandira mivi yonse inayi imene inkachoka mu A. N'chifukwa chake mizere iwiri yoyamba ya tebulo latsopano ikufanana, ndiponso iwiri yomaliza.

```
     chotuluka   00   01   10   11
A0   0           A0   A1   A1   B0
A1   1           A0   A1   A1   B0
B0   0           A1   B0   B0   B1
B1   1           A1   B0   B0   B1
```

Akapatsidwa zolowa zomwe zija, kuyambira mu A0, makinawa amadutsa mu A1, B0, B1, n'kuthera mu A1. Akawerengedwa timabwalo tonse timene aimamo, zotuluka ndi 0, 1, 0, 1, 1. Zolowa zinali zinayi koma zotuluka ndi zisanu. Choonjezeracho ndi 0 woyambayo, amene watuluka makina asanawerenge kalikonse, chifukwa mkhalidwe woyambira nawonso uli ndi chizindikiro chake. Izi zimachitika pa makina onse a Moore: zotuluka zimaposa zolowa ndi chimodzi. Choncho akatswiri akamati makina a Mealy ndi a Moore ndi ofanana, amatanthauza kuti zotuluka zawo n'zofanana chizindikiro choyamba cha Moore chikachotsedwa. Chikachotsedwa pano, patsala 1, 0, 1, 1, yankho lomwe lija la 13. Pa chifukwa chomwechi, kuyambira mu A1 m'malo mwa A0 sikukanasintha yankho. Wopanga makina ali ndi ufulu wosankha, ngakhale pa makina enieni ndi nzeru kusankha chizindikiro chimene sichingayambitse ntchito mwangozi magetsi akangoyatsidwa.

Kugawaku kuli ndi malire ake odziwika. Mikhalidwe ya Moore singapose chiwerengero cha mikhalidwe ya Mealy chitachulukitsidwa ndi chiwerengero cha zizindikiro zotuluka. Makina a mikhalidwe 5 ndi zotuluka za mitundu 3 sangapitirire mikhalidwe 15. Kawirikawiri safikako n'komwe, chifukwa mkhalidwe umene mivi yake yonse yolowa yanyamula chizindikiro chimodzi sugawidwa, ndipo kabwalo kamene palibe muvi wofikako kamatayidwa, pokhapokha ngati ndi koyambira. Makina ophatikizawa agunda malire enieniwo: 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4.

Ulendo wobwerera, kuchoka ku Moore kupita ku Mealy, ndi waufupi. Chizindikiro cha m'kabwalo kalikonse chimakoperedwa pa mivi yonse yolowa m'kabwaloko, ndipo chiwerengero cha mikhalidwe sichikwera. Muvi wochoka mu B0 kupita ku A1 umalembedwa 1, chifukwa A1 ndiye kofikira. Zikatha izi, A0 ndi A1 sakusiyananso pa chilichonse: mizere yawo ikufanana pa kopita ndi pa zotuluka zomwe. Mikhalidwe yotere imaphatikizidwa kukhala umodzi, B0 ndi B1 chimodzimodzi, ndipo tebulo loyamba lija la mizere iwiri limabwerera.

Cholakwa chofala pamenepa ndi kulemba pamuvi chizindikiro cha kochokera m'malo mwa cha kofikira. Makina otere amaoneka abwinobwino papepala, koma yankho lililonse limachedwa ndi sitepe imodzi. Pa 7 ndi 6 amatulutsa 0, 1, 0, 1, nambala imene ndi 1010, kutanthauza 10 m'malo mwa 13. Cholakwachi chili ndi chidindo chake: zotuluka zimayamba ndi chizindikiro cha mkhalidwe woyambira, zotsatira zake n'zolondola koma zasunthira malo amodzi, ndipo chomaliza chasowa. Njira yodalirika yoyesera ndi kuyendetsa makina onse awiri pa zolowa zofanana, ndi pensulo, sitepe ndi sitepe. Zolowazo zisankhidwe mwakuti muvi uliwonse udutsidwe, pakuti 7 ndi 6 akudutsa mivi inayi yokha mwa isanu ndi itatu ya tebulo la Mealy.

Papepala, kusankha pakati pa njira ziwirizi kungaoneke ngati nkhani ya kakonzedwe ka chithunzi chabe. Pa mawaya a magetsi n'kumene kusiyanako kumakhala ndi mtengo. Makina ambiri amayendera wotchi ya mkati imene imagunda mosalekeza, ndipo mkhalidwe umasintha pa kugunda pokha. Chotuluka cha Mealy chimatsatira cholowa nthawi yomweyo, osadikira wotchi. Izi zimachititsa kuti yankho lifike msanga, koma ngati mawaya awiri olowa sasintha pa nthawi imodzi, mwachitsanzo pochoka pa 01 kupita pa 10 n'kudutsa pa 00 kwa kanthawi kochepetsetsa, chotuluka chimatha kuphethira molakwika. Chotuluka cha Moore chimachokera mu mkhalidwe wosungidwa, choncho kugwedezeka kwa mawaya olowa sikuchikhudza pakati pa kugunda kuwiri. Mtengo wake ndi wakuti yankho limaoneka wotchi ikagunda, ndiponso pamafunika malo ochulukirapo osungiramo. Mikhalidwe iwiri imakwana m'kachipangizo kamodzi kosunga biti imodzi, pamene inayi imafuna tiwiri. Pa makina ophatikizawa, kachiwiriko ntchito yake ndi kusunga biti ya yankho imene yangowerengedwa kumene. Kumene chotuluka chikulamula chinthu chosafunika kuyaka mwangozi, kuchedwa pang'ono kwa Moore n'koyenera kulipira.

Pali ntchito zimene njira zonse ziwiri sizingathe, ndipo kusintha kuchoka ku ina kupita ku inzake sikuthandiza, chifukwa mphamvu zawo n'zofanana. Chizindikiro chikatuluka sichibwezedwa, choncho yankho la pa sitepe iliyonse liyenera kudalira zimene zalowa kale zokha. N'chifukwa chake makina ophatikizawa amayambira kumanja. Akanayambira kumanzere, 0111 ndi 0000 zikanafuna kuti choyamba kutuluka chikhale 0, pamene 0111 ndi 0001 zikanafuna 1, popeza yankho lake ndi 1000. Zolowa zitatu zoyamba n'zofanana m'masamu onse awiriwa, ndipo kusiyana kumadza pa sitepe yachinayi, chizindikiro choyamba chitatuluka kale. Palibe chiwerengero cha mikhalidwe, kaya ya Mealy kapena ya Moore, chimene chingathetse vuto limeneli.