Invoisi ndi pakingi lisiti: mapepala awiri amene amaimitsa katundu pa Chanida

Aliyense wochita malonda odutsa pa boda ya Chanida, m'boma la Chadiza, amadziwa kuti msewu wochokera ku Katete, wa makilomita opitirira 50, sutenga nthawi. Chimene chimatenga nthawi ndi mapepala. Thiraki imatha kuchoka ku Tete bwinobwino, kudutsa pa Cassacatiza mbali ya Mozambique, koma n'kugona pa geti la Zambia chifukwa mapepala awiri a katundu mmodzimodziyo akunena zosiyana.

Mapepalawo ndi invoisi ya malonda ndi pakingi lisiti. Amalonda ambiri amawaona ngati pepala limodzi lolembedwa kawiri. Ife tikuti ayi. Invoisi imayankha funso la ndalama: wagulitsa ndani, wagula ndani, wagula chiyani ndipo pa mtengo wanji. Pakingi lisiti imayankha funso la maso ndi sikelo: katunduyo ali m'makatoni angati, m'katoni iliyonse muli chiyani ndipo ikulemera bwanji.

Invoisi ndiyo maziko a msonkho

Invoisi amalemba ndi wogulitsa. Pamakhala nambala yake ndi tsiku, dzina ndi keyala ya wogulitsa, dzina ndi keyala ya wogula, dzina lomveka la katundu, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, mtengo wa zonse, mtundu wa ndalama ndi dziko limene katunduyo anapangidwa. Pamalembedwanso ngati mtengowo ukuphatikiza ndalama yonyamulira kapena ayi.

Bungwe lotolera misonkho la ZRA limadalira pepalali powerengera msonkho. Ejenti wanu amatenga zimene zili pa invoisi n'kuzilowetsa pa fomu ya CE 20 mu kompyuta ya kasitomu yotchedwa ASYCUDA World. Ngati invoisi yalembedwa m'ndalama ya ku Mozambique kapena m'madola, mtengowo umasinthidwa kukhala makwacha pa mlingo umene ZRA ikugwiritsa ntchito nthawi imeneyo, osati wa anyamata osintha ndalama panja pa geti.

Chifukwa chake mawu ongoti "katundu wa m'nyumba" kapena "zosiyanasiyana" sakwanira pa invoisi. Katundu aliyense ali ndi nambala yake m'buku la misonkho, ndipo nambalayo ndiyo imanena peresenti yolipira. Ofisala sangapeze nambala ya chinthu chimene sichinatchulidwe dzina.

Tichenjezenso za pepala lotchedwa puroforoma. Limaoneka ngati invoisi, koma ndi lonena mtengo malonda asanachitike. Mukagwirizana ndi wogulitsa, muuzeni akulembereni invoisi yeniyeni.

Pakingi lisiti ndi ya wotsegula makatoni

Pakingi lisiti nayonso amalemba ndi wogulitsa, kapena amene walongedza katundu. Kawirikawiri sipakhala mitengo. Pamakhala chiwerengero cha makatoni, masaka kapena mabelo, nambala kapena chizindikiro cholembedwa pa lililonse, zimene zili m'katimo, ndi kulemera kwake. Kulemera kumalembedwa kawiri: kwa katundu yekha, ndi kwa katundu pamodzi ndi katoni yake.

Pepalali limagwira ntchito m'manja mwa anthu atatu. Dalaivala amawerengera nalo makatoni pokweza. Ofisala wa kasitomu, akafuna kuona katundu, satsegula thiraki yonse ngati pepalali lili bwino. Amangosankha katoni, mwina nambala 37, n'kuona ngati zili m'katimo zikufanana ndi zolembedwa. Wachitatu ndinu eni ake, pamene mukulandira katundu kusitolo. Katoni ikasowa panjira, ndi pepalali limene limakuuzani kuti yasowa ndi iti ndipo munali chiyani.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Tiyerekeze kuti mayi wina wa sitolo pa Chadiza boma wagula mapoto ndi maketulo ku Tete. Kuti masamu asavute, tiika mitengo yonse m'makwacha, ndipo manambalawa ndi achitsanzo chabe.

Invoisi yake ikuti: mapoto 600 pa K100 imodzi, K60,000, maketulo 200 pa K150 imodzi, K30,000. Zonse pamodzi K90,000.

Pakingi lisiti ikuti: makatoni nambala 1 mpaka 50 muli mapoto, 12 m'katoni iliyonse, ndipo katoni imodzi ikulemera makilo 13. Makatoni nambala 51 mpaka 70 muli maketulo, 10 m'katoni iliyonse, ndipo katoni imodzi ikulemera makilo 9. Makatoni onse ndi 70, kulemera konse makilo 830.

Onani pamene mapepalawa akukumana. Makatoni 50 kuchulukitsa ndi 12 akupereka mapoto 600 a pa invoisi. Makatoni 20 kuchulukitsa ndi 10 akupereka maketulo 200. Kuwerengera kumeneku ndiko koyamba kumene ofisala wodziwa ntchito amachita, ndipo inunso mungachite pa foni musanachoke kwa wogulitsa.

Tsopano msonkho. Kuno ku Zambia msonkho wa katundu wolowa suwerengedwa pa mtengo wogulira wokha. Amawonjezerapo ndalama yonyamulira katunduyo kufika pa boda ndi ya inshuwalansi. Tinene kuti mayiyu analipira K9,000 yonyamulira ndi K1,000 ya inshuwalansi. Mtengo wowerengera msonkho wafika K100,000.

Tinenenso kuti katunduyu ali m'gulu la 25 peresenti, gulu limene mumagwera katundu wambiri wopangidwa kale. Msonkho wa kasitomu ndi K25,000. Kenako pamabwera VAT ya 16 peresenti, imene imawerengedwa pa mtengo uja kuphatikizapo msonkho, ndiye kuti pa K125,000. Imeneyo ndi K20,000. Pa misonkho iwiriyi mayiyu alipira K45,000, kupatula ya ejenti ndi zolipira zina zimene katundu wina amakhala nazo.

Mwaona kuti m'masamu onsewa makatoni 70 aja sanalowemo. Pakingi lisiti siwerengera msonkho. Ntchito yake ndi kuchitira umboni kuti zimene invoisi ikunena ndi zimenedi zili m'thiraki.

Mbasela imene imagoneka thiraki

Nali vuto limene limagwera ngakhale anthu oona mtima. Wogulitsa uja wakondwa ndi malondawo, ndipo pokweza katundu waponyamo katoni ina ya maketulo 10 ngati mbasela. Mnyamata wolongedza wailemba pa pakingi lisiti ngati katoni nambala 71. Koma invoisi inalembedwa kale dzulo lake, ndipo ikunenabe maketulo 200.

Pa Chanida, ejenti alowetsa 200 mu kompyuta potsata invoisi. Ofisala awerenga makatoni napeza 71, maketulo 210. Kwa iye nkhani ya mbasela kulibe. Chimene akuona ndi maketulo 10 amene sanalembetsedwe.

Katundu waulere naye amalipira msonkho, ndipo amapatsidwa mtengo wa mnzake wofanana naye. Maketulo 10 pa K150 ndi K1,500. Msonkho wake ndi K375, VAT yake K300, zonse K675. Ndalamayo ndi yochepa. Koma tsopano fomu iyenera kukonzedwa, ofisala ali ndi chifukwa chotsitsira makatoni onse, ndipo lamulo la kasitomu limalola kulipiritsa chindapusa kapena kugwira katundu wosalembetsedwa. Mwini thiraki nayenso amayamba kuwerengera masiku oima. Mbasela ya K1,500 imatha kudya phindu la ulendo wonse.

Mankhwala ake ndi apafupi. Wogulitsa alembe maketulo 10 aja pa invoisi pa mzere wakewake, aonetse kuti ndi aulere, koma aike mtengo wake wowerengera msonkho. Akatero mapepala awiri aja akhala akulankhula chimodzi.

Zolakwika zina zobwerezabwereza

Choyamba ndi miyeso. Invoisi imalemba "mapoto 50" kutanthauza makatoni 50, pomwe pakingi lisiti ikulemba 600 kutanthauza poto imodziimodzi. Onse akunena zoona, koma pa pepala zikuoneka ngati mapoto 550 abisidwa. Pambali pa nambala iliyonse palembedwe ngati ndi makatoni, madazeni kapena chimodzichimodzi.

Chachiwiri ndi kulemera. Makilo a pa pakingi lisiti ayenera kufanana ndi a pa pepala la wonyamula katundu. Lina likati 830, lina 1,300, ofisala amafuna kudziwa kuti makilo otsalawo ndi a chiyani.

Chachitatu ndi kuchepetsa mtengo mwadala. Pali amene amapempha wogulitsa invoisi yachiwiri ya mtengo wotsika. A kasitomu amaona mitengo ya katundu wofanana tsiku ndi tsiku, ndipo akakayika amatha kufuna umboni wa malipiro kapena kukana mtengowo n'kuika wina potsata lamulo. Ndipo katunduyo akapsa kapena kubedwa panjira, a inshuwalansi adzayang'ana invoisi yomweyo imene munaichepetsa.

Zimene mapepalawa sangachite

Invoisi yabwino siichotsa msonkho. Zambia ndi Mozambique onse ali mu SADC, ndipo katundu wopangidwadi m'dziko la SADC amatha kulowa pa msonkho wotsika kapena wopanda msonkho wa kasitomu. Koma pamafunika satifiketi yosonyeza kumene katunduyo anapangidwa. Mapoto opangidwa ku China sasanduka a ku Mozambique chifukwa chakuti agulidwa m'sitolo ya ku Tete.

Amene anazolowera boda ya Mwami asamalenso. Kumeneko kuli njira yofupikitsa ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, ya katundu wosapitirira madola 2,000 amene ali pa mndandanda wogwirizana pakati pa Zambia ndi Malawi. Mozambique sali mu COMESA, choncho njira imeneyo musaiyembekezere pa Chanida.

Kwa otumiza mbewu kunja, monga soya, nshawa kapena chimanga, invoisi ndi pakingi lisiti sizilowa m'malo mwa chilolezo cha unduna wa zaulimi ndi satifiketi yosonyeza kuti mbewuyo ilibe matenda. Komabe pa mapepala onsewo chiwerengero cha masaka ndi makilo chiyenera kukhala chimodzi. Masaka 600 a makilo 50 ndi matani 30 pa invoisi, pa pakingi lisiti ndi pa chilolezo pomwe.

Thiraki isananyamuke

Malangizo athu kwa amalonda a ku Chadiza, Katete ndi Vubwi ndi awa. Ikani mapepala awiriwa pa tebulo limodzi katundu asanakwere. Onani kuti mayina a wogula ndi wogulitsa ndi ofanana, ndipo nambala ya invoisi yalembedwa pa pakingi lisiti. Chulukitsani makatoni ndi zam'kati mwake, muone ngati zikufika pa nambala ya pa invoisi. Kenako imani pa thiraki muwerenge makatoni ndi maso anu, ndipo tumizani zithunzi za mapepalawo kwa ejenti kuti aone zolakwika katundu akadali kwa wogulitsa.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kukonza invoisi muli m'sitolo ya wogulitsa ku Tete ndi ntchito ya mphindi khumi. Kuikonza thiraki itaima pa Chanida, wogulitsayo ali kutali ndipo watseka sitolo, ndi ntchito ya masiku.