Dzina la tsamba likasintha, makro imasochera

Tiyerekeze kalaliki wa pasitolo amene mwezi uliwonse amadina batani limodzi mu Excel, ndiye makro yake n'kumuwonkhetsera ndalama zonse za malonda. Chaka chatsopano chitayamba, mnzake wasintha dzina la tsamba kuchoka pa Malonda kukhala Malonda 2025. Kalaliki uja podina batani, pakutuluka kabokosi kolembedwa kuti Run-time error '9': Subscript out of range. Ntchito yaima pomwepo.

Chimene chimazunguza ambiri n'chakuti mafomula onse m'fayiloyo akugwirabe bwinobwino. Chifukwa chake n'choti dzina la tsamba likasintha, Excel imakonza yokha mafomula amene akuloza tsambalo, koma khodi ya VBA siyiyikhudza. Kumeneko dzina lakale limatsala monga momwe linalembedwera, ndipo makro imapita kukagogoda pakhomo limene kulibenso. Nambala 9 ija ikungonena kuti chimene chaitanidwa sichikupezeka pamndandanda wa masamba.

Apa munthu asathamangire kudina End. Batani lothandiza ndi Debug, lomwe limatsegula khodi n'kupaka chikasu mzere umene wakanika:

```vba
Sheets("Malonda").Range("B2").Value = 0
```

Kumanzere, mu Project Explorer, tsamba lija likuoneka kuti Sheet1 (Malonda 2025). Dzina lachiwirilo ndi limene anthu amaliona ndi kulisintha, ndipo pongoliyerekeza ndi la mumzere wachikasu, vuto laoneka. Nthawi zina maina awiriwa amaoneka ofanana koma makro n'kumakanabe. Kawirikawiri wolakwa amakhala kampata kosaoneka kumapeto kwa dzina. Kudina Ctrl+G n'kulemba izi kumakaonetsa poyera:

```vba
? "[" & Sheet1.Name & "]"
```

Kukonza mzere umodziwo sikokwanira, poti dzina lakale likhoza kubisala m'malo enanso. Ctrl+F, atasankha Current Project, imafufuza khodi yonse.

Komabe kungolemba dzina latsopano n'kuzengereza vuto, chifukwa chaka chamawa wina adzasinthanso. Mankhwala enieni ndi dzina loyamba lija, Sheet1, lotchedwa CodeName, lomwe silisuntha ngakhale dzina looneka lisinthidwe kangati:

```vba
Sheet1.Range("B2").Value = 0
```

Njirayi ili ndi malire ake. CodeName imagwira mwachindunji m'fayilo mokhamo mmene muli khodiyo, choncho makro yotsegula mafayilo ena imadalirabe maina ooneka. Ndi bwinonso kudziwa kuti uthenga womwewu umatuluka ngakhale dzina lisanasinthe, ngati fayilo ina ndiyo ili patsogolo, pakuti `Sheets` payokha imayang'ana m'fayilo yomwe ikugwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo. Kulemba `ThisWorkbook.Sheets("Malonda 2025")` kumaiuza kuti ifufuze m'fayilo mmene muli makroyo.