Suwiti wa panjira ndi dzino la zaka 6: zimene makolo anamva kusukulu

Pa msonkhano wa makolo pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Angonia, wazaumoyo amene anaitanidwa sanayambe ndi kudzudzula aliyense. Anangopempha makolo kuti awerenge ndi zala kuti mwana wawo amalawa shuga kangati kuyambira m'mawa mpaka pogona. Uthenga wake wonse unagona pamenepo: chimene chimaboola mano kwambiri si kuchuluka kwa shuga kokha, koma kuulawa pafupipafupi.

Anafotokoza kuti pa mano pamamatirira zoyera zofewa, zija zimachoka mukakanda ndi chikhadabo. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya shuga n'kutulutsa asidi. Asidiyo amasungunula chikamba cholimba cha dzino. Malovu amamuchotsa ndipo amabwezeretsa zimene zasungunuka, koma amafuna nthawi, pafupifupi theka la ola kapena kupitirira. Shuga wina akalowa nthawiyo isanakwane, ntchito ya malovu imayambiranso pachiyambi.

Tiyeni titenge tsiku la mwana wa kalasi yachiwiri. M'mawa wamwa tiyi wa shuga. Popita kusukulu wagula suwiti wa pakamtengo ndi kandalama kamene agogo anamupatsa, ndipo wamuyamwa njira yonse. Pa nthawi yopuma wadya mabisiketi, amene amakanirira m'mano a m'mbuyo. Poweruka wayamwa madzi oundana otsekemera a m'kapulasitiki. Madzulo wapatsidwako refresko yotsala ya alendo, ndipo asanagone wamwa thobwa lothira shuga. Pamenepo ndi kasanu ndi kamodzi, ndipo mano ake sanapumeko. Mwana wina amene wadya zomwezo nthawi imodzi, atangomaliza nsima, mano ake avutika pang'ono pomuyerekeza ndi mnzakeyu.

N'chifukwa chake wazaumoyo uja sanati shuga aletsedwe pakhomo, lamulo limene tonse tikudziwa kuti silingafike Lamlungu. Anati zotsekemera zidyedwe pamodzi ndi chakudya, ndipo pakati pa zakudya mwana amwe madzi. Za kusukulu zikhale mtedza, mbatata yophika, chimanga chootcha kapena nthochi, zomwe ambiri tili nazo m'munda. Za refresko anachenjeza mwapadera: chitini chimodzi cha mamililita 330 chimakhala ndi shuga wokwana masipuni aang'ono pafupifupi 8 kapena 9, ndipo chakumwacho chili ndi asidi wakewake.

Bambo wina anafunsa zimene ambiri amaganiza, kuti mano a mwana si amaguluka kale, ndiye tivutikirenji? Yankho lake ndi limene kholo lililonse liyenera kulimva. Mwana akafika zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwenikweni kwa mano aubwana kumamera mano anayi akuluakulu otafunira, awiri m'mwamba ndi awiri m'munsi. Amamera popanda dzino lililonse kuguluka, choncho makolo amawayesa aubwana. Koma amenewa ndi a moyo wonse, ndipo likazulidwa limodzi palibe lina lomera m'malo mwake. Pamwamba pake pali timikwasa mmene mabisiketi amabisala, ndipo mswachi wa mwana wotsuka yekha kawirikawiri sufikako.

Kutsuka kwake n'kotere. Kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fuluwolaidi. Pa chubu yang'anani mawu oti `flúor` kapena `fluoride` ndi nambala yosachepera 1000 `ppm`, kaya mwagula ku Ulongwe kapena kutsidya ku Dedza. Mwana wosakwana zaka 3 muikireni pang'ono ngati kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati nsawawa imodzi. Akamaliza alavule, koma asachukuche ndi madzi, chifukwa madziwo amachotsa mankhwala amene amayenera kutsalira pa mano. Kutsuka kwa usiku ndiko kofunika koposa, popeza munthu akagona malovu amachepa. Akatsuka asalawenso kanthu kupatula madzi. Mpaka zaka 7 kapena 8, wamkulu azimuthandiza kufika ku mano a m'mbuyo aja. Mswachi wa mtengo umachotsa zomatirira ndithu ndipo ndi wabwino kuposa kusatsuka, kungoti ulibe fuluwolaidi.

Kamodzi pa mwezi, muimikeni mwana padzuwa, mukweze mlomo wake ndi kuyang'ana. Timadontho toyera ngati choko pafupi ndi usinini ndi chizindikiro choyamba, ndipo apo dzino likhoza kulimbanso mukachepetsa shuga ndi kutsuka bwino. Pakaoneka bowo lakuda, kapena mwana akamatafunira mbali imodzi ndi kudandaula akamwa zozizira, mswachi sungakonzenso: pitani naye kuchipatala dzino likadali loti angalimate. Akatupa tsaya kapena kutentha thupi chifukwa cha dzino, pitani tsiku lomwelo, ngakhale kumunda kutachuluka ntchito.