Mawu anzeru munawasunga, koma mukawafuna mumawapeza?

Anthu ambiri okonda mawu ali ndi chuma chomwe sachigwiritsa ntchito. Mwambi womwe anaumva kwa agogo anaulemba kuchikuto cha kope, ndime yomwe inawagwira mtima m'buku anaijambula pafoni, mawu omwe mlaliki ananena Lamulungu lina ali pakapepala kopisidwa m'Baibulo. Ndiye tsiku limafika loti akuuzani kuti, “Achimwene, mawa ndinu mudzatiyankhulire m'malo mwa akuchimuna.” Mukudziwa ndithu kuti penapake muli ndi mawu oyenera, koma usiku umatha mukuvundukula mapepala, mapeto ake n'kukanena mwambi womwe anthu atatu anena kale inu musanaimirire.

Vuto lagona pa momwe timasungira. Timalemba mawu motsata tsiku lomwe tawapeza, kapena dzina la yemwe anawanena, chonsecho pa nthawi yowafuna zinthu ziwirizi sitizikumbukira. Chomwe timadziwa pa nthawi imeneyo ndi kumene tikupita ndi anthu amene tikakumane nawo: kuli maliro, kuli chinkhoswe, kuli mlandu wa malire a munda, mnzathu akupuma pantchito. Choncho kasungidwe kabwino kayenera kuyambira pa funso lomwe mudzakhale nalo tsiku limenelo.

Nkhawa imeneyi ndi yakalekale. Erasmus wa ku Rotterdam atatulutsa buku lake la miyambi ya Chigiriki ndi Chilatini lotchedwa Adagia mu 1500, munali miyambi pafupifupi 800, koma pomwe ankamwalira mu 1536 inali itapitirira 4,000. Ophunzira a nthawi imeneyo ku Ulaya ankakhala ndi makope awoawo okoperamo mawu pansi pa mitu, ndipo makopewo akakula, kupeza chinthu kunkavuta. Katswiri wa nzeru zakuya wa ku Mangalande, John Locke, anakonza njira yake yomwe inasindikizidwa m'Chifalansa mu 1686 kenako m'Chingerezi mu 1706. Iye ankapatula masamba awiri okhala mlozera, n'kumalondolera mutu uliwonse potengera lemba lake loyamba ndi lemba la liwu lotsatira. Njirayi inathandiza ambiri, koma pa Chichewa imatsamwa msanga. Taonani mitu iyi: chikondi, chisoni, chilungamo, chifundo, chiyembekezo. Yonse ingaunjikane m'kabokosi kamodzi, ndipo kudekha, kupirira ndi kukhululuka nayonso ingapanikizane m'kabokosi kena, pamene mabokosi ambiri ali mbee. Chomwe tingatengeko kwa Locke ndi mfundo yoti mawu alembedwe kamodzi kokha, ntchito yolondolera isiyidwe kwa mlozera.

Pezani kope lachikuto cholimba, la masamba osathothoka. Masamba khumi oyambirira musalembemo mawu anzeru ayi, amenewo ndi a mlozera. Kuyambira pa tsamba lotsatira, mawu alionse omwe mwawakonda muziwapatsa nambala yawo, 1, 2, 3, kumangopitirira, osasamala zoti mwambi wa ukwati wagundizana ndi ndime ya maliro. Anthu ambiri amalakwitsa pogawa kope lonse m'zigawo kuyambira tsiku loyamba: masamba makumi awiri a chikondi, makumi awiri a imfa. Pakapita miyezi chigawo china chimadzaza china chisanayambidwe n'komwe, komanso mawu okhudza mitu iwiri amasowa kwawo. Nambala imathetsa zonsezi, chifukwa nambala imodzi ikhoza kulembedwa pa masamba angapo a mlozera popanda kukoperanso mawuwo.

Pansi pa mawu alionse muzilemba zinthu zinayi: kumene achokera, mutu wake, kamvekedwe kake, ndi zochitika zomwe angayenere.

Mutu ndi chimene mawuwo akukamba, monga banja, ntchito, umodzi, imfa, ndalama, utsogoleri, kulera ana. Mitu ikhale yochepa, pakati pa khumi ndi khumi ndi isanu, ndipo muilembe pa tsamba loyamba kuti muzisankha pa yomwe ilipo kale. Mukapanda kutero mudzapezeka kuti muli ndi “umodzi”, “mgwirizano” ndi “kuthandizana” ngati mitu itatu, miyambi yofanana itabalalika konseko. Mutu watsopano uzibadwa pokhapokha wakale wafika pa nambala zoposa makumi atatu, moti diso silingathenso kuziona zonse nthawi imodzi. Apo mutha kung'amba “banja” kukhala “mwamuna ndi mkazi” ndi “apongozi ndi achibale”.

Kamvekedwe ndiye mbali yomwe ambiri amaidumpha, koma kwa ine ndi yomwe imapulumutsa munthu ku manyazi. Mabuku a miyambi, monga Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga kapena buku la miyambi 2,000 ya Chinyanja lomwe anasonkhanitsa J.C. Chakanza, amakuthandizani kudziwa tanthauzo. Koma mwambi uli ndi tanthauzo komanso uli ndi ululu wake, ndipo ululuwo umasintha malinga ndi yemwe akumva. Magulu asanu amakwanira, lililonse ndi lemba lake: T wa mawu otonthoza, L wa olimbikitsa, C wa ochenjeza, D wa odzudzula, S wa oseketsa. Tengani mwambi woti “Walira mvula walira matope.” Paukwati, mukaunena mukumwetulira, anthu amaseka ndipo akwati amamva kuti banja limabwera ndi zolemetsa zake. Mwambi womwewo mukaunena kwa mayi yemwe wabwera kudzadandaula za nkhanza za mwamuna wake, iye amva kuti mukumuuza kuti anaziputa yekha. N'chifukwa chake pansi pa mawu ngati amenewa ndi bwino kuwonjezera mzere wa chenjezo, wonena malo amene sayenera kutchulidwa. Mzere umenewu muulembe tsiku lomwe mukukopera mawuwo, mutu uli phee, chifukwa pa tsiku la mwambo mumakhala pa liwiro ndipo chilichonse chokoma m'khutu chimaoneka choyenera.

M'kope, nambala imodzi ikhoza kuoneka motere: “47. Walira mvula walira matope. Mwambi, ndinaumva kwa malume. Mutu: banja, ntchito. Kamvekedwe: S, C. Zochitika: ukwati, chinkhoswe, kuyamba bizinesi. Osanena kwa munthu yemwe zamuvuta kale.”

Tsopano mlozera. Masamba a zochitika ndiwo akhale patsogolo, chochitika chilichonse tsamba lakelake: maliro ndi chiliza, ukwati ndi chinkhoswe, milandu ndi kuyanjanitsa anthu, misonkhano ya chitukuko ndi ya banki m'khonde, kutsanzikana, mapemphero. Pa tsamba lililonse muzilemba nambala pamodzi ndi lemba la kamvekedwe, mwachitsanzo 47S. Kalemba kamodziko kamachepetsa ntchito kwambiri, chifukwa simufunikanso kuyerekeza masamba awiri. Mlozera wa mitu ubwere pambuyo, wolembedwa mwanjira yomweyo.

Tiyerekeze kuti kope lanu lili ndi mawu 200 ndipo mwapemphedwa kuyankhula pa chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanu, mphindi zisanu zokha. Mukutsegula tsamba la ukwati ndi chinkhoswe, mukupeza nambala khumi ndi ziwiri: 8L, 23C, 47S, 61D, 90L ndi zina. Poyamba mukufuna kumasula anthu, ndiye diso likupita pa ma S, mukupeza awiri, mukusankha 47. Pothera mukufuna kulimbikitsa mabanja awiriwa kuti agwirane manja, ndiye mukuyang'ana ma L: nambala 8 ndi “Mutu umodzi susenza denga”, nambala 90 ndi “Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.” Woyambawo ndi wotchuka kwambiri moti mwina ankhoswe aunena inu musanapatsidwe mpata, choncho mukutenga 90, n'kusunga 8 ngati wapadera. Nambala 61 simukuiwerenga n'komwe, chifukwa D akukuuzani kuti ndi mawu a kuchipinda kwa ankhoswe, osati a pagulu pamaso pa apongozi. Mwa mawu 200 mwawerenga anayi okha. Mukabwerako, lembani ndi pensulo pambali pa 47 ndi 90 mwezi, chaka ndi malo omwe mwawanena. Mlaliki, mphunzitsi kapena woyendetsa mwambo yemwe amayankhula kwa anthu omwewomwewo amadziwa kufunika kwa kachizindikiro kameneka.

Za kumene mawu achokera ndiyenera kulimbikirapo, chifukwa apa ndi pamene mabodza amalowera. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda zithunzi zambiri za mawu omatidwa dzina la Nelson Mandela kapena Albert Einstein popanda kunena buku, tsiku kapena malo omwe anayankhulira. Mawu otero mukawakonda akopereni, koma ikani chizindikiro cha funso pambali pa dzinalo, ndipo musalitchule pagulu mpaka mutapeza gwero lake. Ochokera m'buku alembedwe ndi dzina la bukulo, mlembi ndi tsamba. Vesi la m'Baibulo lilembedwe ndi chaputala chake komanso Baibulo lomwe mwatengamo, poti Buku Lopatulika ndi Buku Loyera amasiyana kalembedwe, ndipo anthu a mumpingo amazindikira msanga mukasakaniza. Ngati mwamasulira nokha mawu a chilankhulo china, sungani oyambirirawo pambali ndipo lembani kuti kumasulirako ndi kwanu.

Amene amakonda foni atha kuchita zomwezi mu pulogalamu yolembamo zinthu, kapena podzitumizira okha mauthenga pa WhatsApp. Uthenga uliwonse ukhale ndi mawu amodzi okha, pansi pake pakhale zizindikiro monga #ukwati #oseketsa #banja, kuti mukalemba chizindikirocho pofufuzira zonse zituluke. Msampha wake ndi kalembedwe. Foni imafufuza malemba omwe mwalemba, sidziwa kuti “mau” ndi “mawu” ndi chinthu chimodzi, kapena kuti #maliro ndi #zovuta mumatanthauza mwambo womwewo. Sankhani kalembedwe kamodzi ka chizindikiro chilichonse, kopanda mipata ndi tizizindikiro todula mawu, n'kukasunga pa uthenga umodzi woti muzionera. Zithunzi za masamba a mabuku musazidalire. Mawu omwe ali ofunikadi alembeni ndi zala. Ndipo poti foni imabedwa kapena kufa, kamodzi pa mwezi tumizani zonse ku imelo yanu.

Kasungidwe kanu kakayamba kudwala mudzadziwira zinthu ziwiri. Choyamba ndi mutu wotchedwa “zina ndi zina” womwe ukunenepa kuposa inzake, kusonyeza kuti mukukopera mawu musanaganize komwe mudzawagwiritse ntchito. Chachiwiri ndi nambala zomwe zili m'kope koma sizili mu mlozera, chifukwa munati mudzazilowetsa mawa. Mankhwala ake ndi lamulo limodzi: musatseke kope nambala yatsopano isanalowe pa tsamba la zochitika. Mawu omwe mwalephera kuwapezera chochitika ngakhale chimodzi, asiyeni kaye papepala lapadera.

Ngati muli kale ndi mulu wa mapepala ndi zithunzi, musayese kusamutsa zonse tsiku limodzi, mudzatopa n'kusiyira panjira. Yambani ndi mwambo womwe uli pafupi kukupezani, kaya ndi ukwati wa mwezi wamawa kapena msonkhano wa makolo kusukulu. Sankhani mawu makumi awiri oyenera kumeneko, apatseni nambala ndi malemba awo a kamvekedwe, ndipo otsalawo muziwalowetsa asanuasanu sabata iliyonse.