Kapepala ka sola kazinena amene achite ntchitoyo

Mnzanga wina amagulitsa magetsi a sola pa msika wa kwathu, aja olipira pang'onopang'ono pa foni. Tsiku lina anandipatsa kapepala kotsatsira malonda komwe kampani yake inasindikiza, n'kundiuza kuti, "Achimwene, anthu amakatenga, koma mawa lake amabweranso kudzandifunsa zomwezo zili m'menemu." Nditakawerenga ndinaona kuti mlandu suli pa anthuwo. Amene analemba kapepalako ndi injiniya, ndipo ankalembera injiniya mnzake.

Manambala a batire

Mzere woyamba unali wakuti batire yake ndi ya 12V 20Ah. Zimenezi n'zoona, koma mayi amene waimika njinga kuti aone katunduyo akufuna kudziwa ngati ana awerenge mpaka 9 koloko usiku. Ena amaganiza kuti mankhwala ake ndi kupeka mawu a Chichewa olowa m'malo mwa mawu aumisiriwo. Ine ndimakana, chifukwa mawu opeka amazunguza mutu kuposa oyambawo. Chofunika n'kuwerengetsa, kenako n'kunena zimene chinthucho chimachita.

Ine ndi mnzangayo tinayamba kulembanso kapepalako, ndipo tinachita chonchi. Mukachulukitsa 12 ndi 20 mupeza 240, ndiyo mphamvu yonse imene batireyo imasunga. Koma batire ya mtovu ndi asidi ngati imeneyi siifuna kuikama mpaka kuuma, imafa msanga. Yogwiritsa ntchito ndi theka, 120. Mababu atatu a mawati atatu lililonse, akayaka maola asanu, adya 45. Wailesi yaing'ono ya mawati asanu kwa maola anayi idya 20. Mafoni awiri, tinene 30. Zonse pamodzi ndi 95, ndiye kuti zikwana.

Mzere uja unasanduka wakuti: "Batire ikadzaza, muyatsa mababu atatu maola asanu, kumvera wailesi ndi kutchaja mafoni awiri." Tinawonjezanso zimene kampani sinafune kunena: kanema wa mawati 30 yekha amaliza mphamvu yonseyo m'maola anayi, ndipo ayironi musayese n'komwe. Wogula akazindikira zimenezi ali kale kunyumba, amene amatukwanidwa pamsika ndi wogulitsa.

Panalinso chizindikiro chakuti IP65. Tanthauzo lake n'lakuti fumbi silingalowe ndipo madzi owaza, monga mvula, sangawononge chipangizocho, koma sikuti mungachimize m'ndowa. Tinalemba zomwezo.

Adzatseka ndani?

Vuto lalikulu linali m'tizilembo tating'ono kumapeto kwa mneni, -idwa ndi -edwa. Taonani: "Malipiro akachedwetsedwa, chipangizo chidzatsekedwa. Nambala yotsegulira idzatumizidwa ndalama zikalandiridwa." M'ziganizo ziwirizi muli ntchito zinayi, koma mulibe munthu ngakhale mmodzi. Akutseka ndi kampani kapena wogulitsa uja? Ena amakhulupirira kuti mnzangayo ndiye amawazimitsira magetsi ali kunyumba kwake, chifukwa cha njiru.

Pa mneni aliyense wotere tinkafunsa kuti "ndani?" Yankho likakhala kampani, tinalemba "ife". Likakhala wogula, "inu". Zinatuluka motere: "Mukachedwa kulipira, magetsi azima okha. Mukalipira, ife tikutumizirani nambala pa foni. Ilembeni pa bokosi la batire, magetsi ayakanso."

Pa waranti m'pomwe panavuta. Panalembedwa kuti "chipangizo chowonongeka chidzasinthidwa". Titafunsa kuti asinthe ndani, kuti, ndipo pakatha masiku angati, mnzangayo anachita kuimbira akuluakulu ake, nawonso anapempha kuti ayankhe mawa. Chiganizo chija chinkabisa nkhani imene kampani yeniyeniyo inali isanagwirizane. Apa mkonzi wa mawu sangapeke yankho, ayenera kudikira eni ake anene.

Zina n'zosiya

Sikuti -idwa aliyense ndi wochotsa. "Panelo iyi inapangidwa ndi galasi lolimba" ili bwino, palibe akufuna kudziwa dzina la woumba galasilo. Chenjeraninso ndi kusiyana kwa "batire ikawonongeka" ndi "mukawononga batire". Woyambawo suloza chala munthu, wachiwiriwo ukuimba mlandu wogula, ndipo pa waranti kusiyana kumeneku ndi ndalama.

Manambala aja sitinawataye. Tinawaika m'kabokosi kuseri kwa pepala, pakuti tsiku lomwe batire idzafe, mmisiri wa pamsika adzafuna 12V 20Ah yomweyo kuti agule ina yofanana.

Kuyesa

Osafunsa munthu kuti "mwamva?" Mwaulemu wathu aliyense amavomera. Tinapatsa kapepala katsopanoko agogo ena ogulitsa tomato, mdzukulu wawo n'kuwawerengera, ndipo ndinawafunsa kuti, "Agogo, magetsi akazima Lachitatu, muchita chiyani?" Anayankha kuti alipira, kenako adikira nambala pa foni. Koma anafunsanso ngati nambalayo ibwere pa foni yawo kapena ya mwana wawo wa ku Lilongwe amene amawalipirira. Zimenezo tinali titaiwala, ndipo tinabwerera kukawonjezera mzere wina.