Tsiku lomwe mnzanga wanthabwala sanaseke

Ndakhala ku Chintheche zaka khumi ndi ziwiri ndikuphunzitsa, koma kwathu ndi ku Ntcheu. Munthu woyamba kundilandira kuno anali msodzi wina amene lero ndi mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Dzina lake sinditchula. Ife timangomuti Ada Suti, chifukwa ngakhale akupita kudoko kukaona usipa umene anyamata ake abwera nawo, malaya amakhala ositidwa, nsapato zikuwala.

Mkuluyu sangathe ola osaseketsa anthu. Tsiku loyamba kukumana, atamva kuti ndine Mngoni, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwabweranso? Kodi sitinakuthamangitseni pomwe pano?" Ankanena za nkhondo ya m'zaka za m'ma 1870, pamene Atonga amene anathawa m'manja mwa Angoni a kwa M'mbelwa anagonjetsa gulu lomwe linawalondola kufika kunyanja kuno. Ine ndinamuyankha kuti amenewo anali a ku Mzimba, ife a kwa Gomani tikanabwera bwenzi masuti onse titatenga. Chibwenzi chathu chinayambira pomwepo, ndipo chakhala chikuyenda ndi kutosana kotere.

N'chifukwa chake ndinkaganiza kuti munthu ngati ameneyu ungamuuze chilichonse. Ndinazindikira kulakwa kwanga mwezi wa Julaye chaka chatha.

Amene amakhala m'mbali mwa nyanja akudziwa kuti miyezi yozizira ndi nyengo ya mwera. Usiku wina mphepoyi inapeza anyamata a mnzangayu ali pakati panyanja. Onse anapulumuka, koma ukonde wa chilimira ndi nyali zokopera usipa zinapita. Ukondewo anagula ndi ngongole ya kubanki m'khonde, ndipo anali asanamalize kubweza. Patapita masiku, tili awiri pamchenga ku Kande, iye yekha anayamba kuseka nkhaniyi. Anati nsomba za m'nyanja muno tsopano zili ndi ukonde wawowawo, zikungodikira kuti azigulirenso injini. Tinaseka mpaka misozi.

Tsiku lake lobadwa litakwana, ndinalemba uthenga pagulu lathu la pa WhatsApp. Ndinatenga nthabwala yake ija n'kuikometsera. Ndinamufunira zabwino zonse "msodzi yekhayo amene amapereka ukonde kwa nsomba pangongole." Anthu anatumiza zithunzi zoseka zambirimbiri, ine n'kumadziona ngati katswiri.

Mwiniwake anakhala chete tsiku lonse. Nthawi zonse ukamutosa, sipapita mphindi zisanu asanabweze ndi uthenga wa mawu, akuseka chikhakhali. Tsiku limeneli yankho linafika usiku, mawu atatu okha: "Zikomo kwambiri aphunzitsi."

Apa m'pamene pali chizindikiro chimene ndikufuna owerenga achigwire. Munthu wanthabwala akapwetekedwa sakalipa, chifukwa amadziwa kuti anthu amuuza kuti, "Si iwe umaseka anzako?" Iye amangoyamba ulemu. Munthu amene kwa zaka khumi wakhala akunditi "iwe Mngoni" anayamba kunditi "inu aphunzitsi." Tikakumana pamsika ankandipatsa moni wabwinobwino, kufunsa za ana, basi n'kudutsa.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene ananditsegula maso ndi mkazi wake. Anandipeza ndikugula chinangwa n'kundikokera pambali. "Alamu," anatero, "kodi mukudziwa amene ali pagulu paja? Pali amayi anga. Pali akulu a mpingo. Pali amayi atatu a kubanki m'khonde amene tikuwapempha kuti atidikire. Mmodzi anandifunsa mmawa mwake kuti, ngati nkhani ya ngongole ndi yoseketsa kwa inu, bwanji simukubweza?"

Ndinachita manyazi. Mawu anali omwewo amene tinaseka ku Kande, koma pamchenga paja tinali awiri, ndipo ankanena ndi mwini bala. Pagulu paja panali anthu oposa makumi asanu, ndipo wonena anali ine amene malipiro anga samira m'nyanja. Ndinapita kunyumba kwake kukapepesa pamaso. Anandikhululukira, koma panatenga miyezi iwiri kuti "iwe Mngoni" abwerere.

Nditaganiza mofatsa, ndinaona kuti makolo athu anazidziwa kale zimenezi. Kwathu munthu amatha kunyoza msuweni wake, kumulanda chipewa, kumutcha mkazi wake, popanda mlandu. Mawu omwewo kuwanena kwa apongozi, nkhuku ilipidwa. Pamaliro, adzukulu amatha kuseka ndi kutsanzira mayendedwe a malemu, anamfedwa osakwiya, chifukwa adzukulu omwewo ndi amene akumba manda. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba ali ndi chimbuya, ndipo amathirana ufa kapena paudala pamaliro ndi paukwati, koma ndi omwewonso amene amathamanga ndi ntchito pamalopo. Chilolezo choseka munthu chimabwera limodzi ndi udindo womunyamula, ndipo chili ndi malo ake. Vuto la foni n'lakuti imaika msuweni, apongozi ndi wokongoza ndalama pamphasa imodzi.

Chaka chino mnzangayu amakwanitsa zaka 40, ndipo sindinafune kuthawa. Kumulembera uthenga wouma wa "Mulungu akudalitse" kukanakhala kumuuza kuti bala lija silinapole. Munthu wotere ukasiya kumutosa amaona ngati wamutaya. Choncho kutatsala masiku atatu ndinatenga pepala n'kulemba zinthu zisanu zimene ndikanatha kumuseka nazo: suti, Chingerezi chake, imvi, mimba yomwe yayamba kutsogola, ndiponso nyumba yake yomwe yakhala pa lintala zaka zinayi.

Chilichonse ndinachifunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi iye mwini anasekapo chinthu chimenechi pamaso pa anthu omwe awerenge uthengawu? Lachiwiri: kodi ndi chinthu chimene anasankha yekha, kapena chinamugwera? Lachitatu: kodi ndamusiyira pobwezera?

Nyumba inagwa pafunso lachiwiri. Siinaime pa lintala chifukwa cha ulesi, koma chifukwa cha ukonde womwe uja. Kuiseka kukanakhala kubwereza mlandu wa chaka chatha pongosintha malaya. Mimba inagwa pafunso loyamba. Amaiseka tikakhala amuna okhaokha pabawo, koma ndinakumbukira kuti posachedwapa anayamba kumwa tiyi wopanda shuga osanena chifukwa. Pamene munthu wasintha kadyedwe mwakachetechete, thupi lake si loseweretsa. Imvi zinapambana mafunso awiri oyamba movutikira, koma zinapulumuka pa lachitatu, chifukwa ine ndili ndi dazi, ndipo ndinadziwa kuti akandibwezera pomwepo.

Suti ndi Chingerezi zinadutsa mosavuta, chifukwa kuseka Mtonga pa zimenezi kuli ngati kumuyamikira mozembera. Iye amanyadira kuti sukulu inafika msanga kwawo, pamene amishoni a Livingstonia motsogozedwa ndi Dr Robert Laws anasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881. Sachedwa kukukumbutsa kuti Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la apantchito ku South Africa m'chaka cha 1919, anali mwana wa m'mudzi wa Chifira konkuno. Nthabwala imene imakhudza chinthu chomwe munthu amanyadira imamukweza ngakhale ikuoneka ngati ikumugwetsa.

Uthenga wa pagulu unatuluka motere:

"Lero Ada Suti akwanitsa zaka 40. A ku Mpamba, a ku Kande, ngakhale a ku Usisya amene mudikire Ilala, dziwani kuti makala asowa pa Chintheche chifukwa onse apita musimbi. Uyu ndi munthu yekhayo amene amalankhula Chingerezi kwa usipa, usipawo n'kumvera. Imvi zayamba, koma ine wadazi ndilibe pakamwa. Ada, ndinabwera kuno ndili mlendo wosadziwa n'komwe kutema kondowole, inu munandisandutsa wapamudzi. Mukhale ndi moyo wautali, Angonife tikusowabe wotiphunzitsa kusita."

Muona kuti nthabwala zilimo zitatu zokha, ndipo yachitatu ikugwera ine. Poyamba ndinalemba zisanu ndi imodzi, koma nditawerenga mokweza zinamveka ngati ndikuwerenga milandu pabwalo la mfumu. Muonanso kuti mawu okoma ndinawaika chakumapeto, chifukwa chimene munthu wamaliza kuwerenga ndi chimene amagona nacho. Ndipo sindinalembe kuti "ndiwe munthu wabwino," mawu amene angapite kwa wina aliyense. Ndinatchula chinthu chimene anachitadi.

Ndisanatumize, ndinaonetsa mkazi wake. Anachotsa mzere umodzi umene ndinkati mkuluyu amasita ngakhale ukonde. Ine ndinali nditaiwala kuti liwu lakuti ukonde palokha likanakumbutsa anthu zakale. Munthu wokhala naye nyumba imodzi amadziwa pamene pali chilonda kuposa mnzake wa pabawo.

Panalinso china chimene sindinaike pagulu. Zaka zitatu zapitazo mwana wanga anadwala malungo pakati pa usiku, mvula ikugwa. Mnzangayu ndi amene anabwera ndi njinga yamoto n'kutitengera kuchipatala, ndipo anakhala pabenchi mpaka kunja kutacha. Sanaitchulepo nkhaniyi kwa munthu. Kuilengeza pagulu kukanamuchititsa manyazi ngati mmene nthabwala ija inachitira, chifukwa anthu okonda kuseketsa anzawo ambiri sadziwa poika nkhope akamatamandidwa. Choncho ndinamulembera payekha, mopanda nthabwala ngakhale imodzi: "Iwe, sindinaiwale usiku uja wa mvula. Mwana amene unamunyamula uja lero ali Sitandade 6. Zikomo."

Pagulu paja yankho linafika pasanathe mphindi zitatu. Unali uthenga wa mawu, akuseka mpaka kutsamwa, akuti dazi langa ndi limene anyamata ake azigwiritsa ntchito pokopa usipa, asavutikenso kugula nyali. Ndinaona kuti nkhani ya nyali waibweretsa yekha, pamaso pa anthu omwe aja. Iye anali ndi ufulu wotero. Ine ndinangoseka, osawonjezerapo kanthu.

Uthenga wapayekha uja sanayankhe pafoni. Madzulo ndinamva kugogoda, ndipo nditatsegula ndinapeza mkulu uja ali chilili, malaya ositidwa bwino, m'manja muli nsomba ziwiri za batala zomanga ndi mlaza.

"Iwe Mngoni," anatero, "uuze alamu aphike. Koma usayandikire mphika, anthu a kumapiri mumaphika nsomba ngati nyemba."