Kuchotsa masamba opanda zolemba pa mafayilo a sikana

Sikana ikamajambula mapepala mbali zonse ziwiri, imajambulanso kumbuyo kwa pepala ngakhale kulibe zolemba. Mulu wa makalata 200 umatulutsa masamba 400, ndipo mwina theka la masambawo ndi oyera. Kuwachotsa limodzilimodzi kumadya nthawi, n'chifukwa chake ntchitoyi imasiyidwira kompyuta.

Kompyuta siwerenga mawu kuti idziwe ngati tsamba lili ndi kanthu. Imawerengera timadontho takuda ta pachithunzi n'kuona kuti tikukwana gawo lanji la tsamba lonse. Tikachepera malire amene munthu waika, mwachitsanzo 0.1 peresenti, tsambalo limatengedwa kuti n'lopanda kanthu.

Vuto lagona pa malirewo. Pepala la A4 n'lalikulu mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Zibowo ziwiri zoikira pepala mufayilo, chilichonse cha mamilimita 6, zimatenga pafupifupi 0.09 peresenti ya tsamba, ndipo sikana yokhala ndi chakuda kuseri kwa pepala imazionetsa ngati madontho akuda bii. Koma siginecha yaifupi yolembedwa ndi bolopeni yopyapyala itha kungokwana 0.06 peresenti. Choncho tsamba loyera lokhala ndi zibowo limaoneka lodzaza kuposa tsamba lomaliza la mgwirizano pamene pali siginecha yokha. Malire akakwera, siginecha imatayidwa limodzi ndi masamba oyera. Akatsika, oyerawo amatsala.

Mankhwala ake ndi kudula m'mphepete kuwerengera kusanayambe, pakuti zibowo, mithunzi ndi zipsera za sitepula zimakhala kumeneko. Pulogalamu ya ImageMagick imachita izi ndi lamulo limodzi:

```
magick tsamba.png -colorspace Gray -shave 8%x3% -threshold 60% -format "%[fx:100*(1-mean)]" info:
```

Mbali ya `-shave` imadula pafupifupi mamilimita 17 kumanzere ndi kumanja, zomwe zimachotsa zibowo zija, ndiponso mamilimita 9 pamwamba ndi pansi. Ya `-threshold` imasandutsa kadontho kalikonse kukhala koyera kapena kakuda, motero zolemba za kutsogolo zoonekera mwachimbuuzi kumbuyo kwa pepala lopyapyala zimazimirira. Nambala yotuluka ndiyo peresenti ya timadontho takuda. M'mphepete mukadulidwa chonchi, malire atha kutsitsidwa mpaka cha pa 0.02 peresenti, siginecha ija n'kupulumuka.

Kusandutsa kumeneku kuli ndi ngozi yakeyake: zolemba za pensulo, chidindo chosaoneka bwino ndi malisiti ofwifwa zitha kuzimirira nazonso. Motero malire ayenera kuyesedwa kaye pa masamba pafupifupi 30 odziwika kale, kuphatikizapo ofwifwa kwambiri mumuluwo.

Masamba ochotsedwa asafufutidwe. Aikidwe mufoda yapadera, munthu awaone ngati tithunzi ting'onoting'ono tambiri pasikirini imodzi, pamene cholembedwa chilichonse chimaonekera msanga. Fayilo yoyamba isungidwe yathunthu, makamaka pa zikalata za kukhoti kapena za malo, chifukwa kumeneko nambala za masamba ziyenera kufanana ndi za mapepala enieni.